Magazi a mu mkodzo wa achimwene sanali likodzo

Foni ya alamu anga inalira Lachiwiri madzulo, mkati mwa Novembala, nyengo imene ku Chigwa cha Shire ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Ine ndimagwira ntchito yachipatala kumtunda kuno, ndipo zaka zapitirira khumi ndikuona odwala tsiku ndi tsiku. Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Ngabu, ndipo wachibale akadwala kumeneko, foni yoyamba imabwera kwa ine.

"Alamu, akulu anuwa akukodza magazi," anatero.

Ndinafunsa ngati achimwene akupitabe kudimba. Anati eya, m'mawa uliwonse asanayambe kabaza amakathirira, ndipo amalowa m'madzi mpaka m'mawondo. Sindinafunsenso zambiri. Ndinati limenelo ndi likodzo, apite kuchipatala chaching'ono akayezetse mkodzo, akalandire mankhwala, zitha. Alamu anawonjezera kuti akudandaulanso msana, mbali ya kumanzere. Ndinayankha kuti munthu wopalasa njinga tsiku lonse atanyamula matumba a makala sangalephere kumva msana.

Yankho limenelo limandiwawa mpaka lero, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi. Anandipatsa zizindikiro ziwiri, ine ndinatola chimodzi n'kutaya chinacho, chikhalirecho chimene ndinatayacho ndicho chinali ndi nkhani yonse.

Tonse amene tinakulira m'mbali mwa Shire timalidziwa likodzo. Tinkasambira m'matamanda ndi m'ngalande za mthirira, ndipo mnyamata akayamba kukodza magazi palibe amene ankadabwa. Ena mpaka ankati ndi chizindikiro cha kukula. Masiku ano ana amalandira mankhwala a pulazikwantelo kusukulu, ndipo wamkulu amapatsidwa molingana ndi kulemera kwake, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Likodzo lilipodi, ndipo ndi lambiri. Vuto ndi lakuti tinazolowera kwambiri moti magazi a mu mkodzo tinawapatsa dzina limodzi lokha. Koma likodzo lili ndi khalidwe lake. Mazira a nyongolotsi zake amakhala m'khoma la chikhodzodzo, ndiye magazi amakonda kubwera kumapeto, munthu akamamaliza kukodza, timadontho tofiira chikhodzodzo chikamadzifinya. Nthawi zambiri palibe ululu woti munthu n'kugubuduka nawo, mwina kungomva kuwotcha pang'ono kapena kulemera pachinena. Ndikanangofunsa kuti magaziwo akubwera poyamba, pomaliza kapena asakanikirana ndi mkodzo wonse, alamu akanandiuza kuti mkodzo wonse unali ngati madzi otsukira nyama. Magazi osakanikirana chonchi amatiuza kuti tiyang'anenso kumtunda, kumene mkodzo ukuchokera.

Usiku womwewo, cha m'ma 1 koloko, foni inaliranso. Ulendo uno ndinkawamva achimwene akubuula chapatali. Awa ndi bambo wa zaka 44 amene anathyokapo mkono n'kupalasa yekha njinga kupita kuchipatala, koma usiku umenewu ankalira ngati mwana. Alamu anati anayamba wagona pamphasa, kenako anagwada, kenako anatuluka panja n'kumazungulira nyumba atagwira m'nthiti, n'kubwereranso kudzagubuduka pansi. Anasanza kawiri. Ndinapempha kuti awapatse foni.

"Achimwene, pakuwawa ndi pati? Lozani ndi dzanja, alamu andiuze."

"Iwe mphwanga, zayambira kumbuyo kuno pansi pa nthiti, zikuzungulira m'mbali, zikutsikira m'mphechepeche. Mpaka kumaliseche kukukoka."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinalakwitsa madzulo aja. Ululu woyambira m'mbali mwa msana, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, n'kumatsikira kutsogolo mpaka m'mphechepeche, mbali imodzi yokha, wobwera mwamphamvu n'kulekeza pang'ono n'kubweranso, pamodzi ndi magazi mu mkodzo, umenewo kawirikawiri ndi mwala wochokera mu impso. Ndipo kusakhazikika kuja n'chizindikiro pachokha. Munthu amene wapweteka msana ndi katundu amapeza kagonedwe kamene kamamupepukitsa, ndipo amaopa kugwedezeka. Amene watupa kamatumbo ka apendikisi kapena waphulika chilonda cha m'mimba amagona duu, safuna ngakhale kutsokomola. Koma wa mwala sapeza pogonera. Amatembenuka, amadzuka, amayenda, amagwada, ululu uli pomwepo.

Tili ndi impso ziwiri, kumbuyo, zobisala pansi pa nthiti. Impso iliyonse ili ndi kapaipi kake kotsitsira mkodzo kuchikhodzodzo, kotalika masentimita 25 mpaka 30, koma kopapatiza kwambiri, mamilimita atatu kapena anayi okha. Mwala ukakhala mu impso momwemo umatha kukhala zaka munthu osadziwa. Mavuto amayamba tsiku limene wasuntha n'kulowa m'kapaipi kaja. Ambiri amaganiza kuti chimene chimapweteka ndi kukanda kwa mwala. Kukandako ndi kumene kumatulutsa magazi, koma ululu weniweni umachokera ku kutsekeka. Impso ikupitiriza kupanga mkodzo, njira yatsekedwa, mkodzo ukudzazana kumbuyo n'kumafufumitsa kapaipi ndi impso yomwe, ndipo kapaipiko kakudzifinya kuti kakankhe chotsekacho. Aliyense amene anaonapo paipi ya pampu yothirira itapindika amadziwa mmene imatupira kumbuyo kwa popindikapo. Ndipo chifukwa mitsempha yomvera ululu ya impso ndi kapaipika imalowa mumsana pamalo amodzi ndi ya m'mphechepeche ndi kumaliseche, thupi limamva ngati ululu uli konseko. Mwala ukamatsika, ululu nawo umatsika. Ukafika pakhomo pa chikhodzodzo munthu amamva mkodzo pafupipafupi, akapita kumatuluka timadontho tokha, kunsonga kukuwotcha.

Kutacha anawakweza pa njinga yamoto kupita kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anachita zoyenera. Anawabaya jakisoni wa dikilofenaki, ndipo pasanathe ola achimwene anagona tulo. Mankhwala a mtundu umenewu, dikilofenaki ndi bulufeni, amagwira bwino ululu wa mwala kuposa panado, chifukwa amachepetsa kutupa ndi mphamvu ya mkodzo wodzazana uja. Koma si a aliyense. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, mayi woyembekezera, munthu amene impso zake n'zofooka kale, kapena amene wasanza mpaka thupi lauma, mankhwalawa angamuvulaze. Ndimadandaula ndikaona mmene amagulitsidwira m'maokala ngati maswiti, anthu a kabaza ndi odula nzimbe n'kumamwa awiriawiri tsiku lililonse padzuwa, m'mimba mulibe madzi. Impso youma ikalandira bulufeni masiku otsatizana imatha kufooka.

Anayeza mkodzo n'kupezamo magazi ambiri, mazira a likodzo sanawaone. Anawauza kuti zikuoneka ngati mwala, apite kuchipatala cha boma akajambulidwe pa sikani, ndipo thupi likangotentha asachedwe. Mawu onsewo anali olondola. Koma pofika Lachinayi ululu unali utatha. Achimwene anawerengera ndalama ya ulendo, anawerengera tsiku la kabaza limene angataye, n'kunena kuti kamwalako katuluka. Ine nditaimba anandiuza kuti, "Ndachira, mphwanga, usavutike." Ndinawafunsa ngati anauona mwalawo ukutuluka. Anati ayi. Ndinawauza kuti apitebe kukajambulitsa, koma sindinaumirire mokwanira.

Kutha kwa ululu ndi kumene kumanyenga anthu ambiri, pakuti si umboni woti mwala watuluka. Nthawi zina watulukadi. Nthawi zina wangokhazikika pamalo, ndipo impso, poona kuti njira yatsekeka, imachepetsa kupanga mkodzo. Mphamvu ya kumbuyo ija ikatsika, ululu umazilala, koma impso ili yotsekekabe. Munthu amakodza bwinobwino chifukwa impso inayo ikugwira ntchito ya ziwiri, ndiye palibe chomuchenjeza. Impso yotsekeka kwa masabata angapo imayamba kuwonongeka, ndipo ikakhalitsa imatha kufa osabwereranso. N'chifukwa chake timauza munthu kuti azikodzera m'kachitini n'kusefa mkodzowo ndi kansalu koyera kapena sefa ya tiyi yosiyidwira ntchito imeneyi, mpaka auone mwalawo ndi maso ake. Ngati sanauone, sikani ndiyo iyenera kunena kuti njira yatseguka, osati mtima wake.

Kukula kwa mwala ndi kumene kumatiuza choyembekezera. Wosafika mamilimita asanu, ngati njere ya mapira, nthawi zambiri umatuluka wokha m'masiku kapena masabata ochepa. Wa pakati pa mamilimita asanu ndi khumi, kuyambira ngati nandolo mpaka ngati njere ya chimanga, mwayi wake uli ngati theka, ndipo pamenepa dokotala angapereke mankhwala otchedwa tamusulosini, amene amamasula kapaipi kumunsi kuti mwala udutse. Woposa sentimita imodzi sutuluka wokha kawirikawiri. Ndipo kudikira kuli ndi malire: masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi akadutsa mwala usanatuluke, ufunika kuchotsedwa, ngakhale munthu asakumva kalikonse. Kudikira konseku n'kwa munthu amene thupi lake silikutentha, akukodza bwino, akutha kumwa ndi kudya, ndipo ululu ukumvera mankhwala. Chimodzi mwa zimenezi chikasintha, nkhani ya kudikira yatha.

Kwa achimwene chinasintha Loweruka. Masana dzuwa lili pamutu, anthu akupumira pansi pa mitengo, iwo anapempha bulangete. Ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Aliyense pakhomo anati malungo, ndipo sindiwadzudzula, pakuti kuchigwa kwathu thupi likatentha dzina loyamba ndi limenelo. Mnyamata anatumidwa kukagula mankhwala a malungo. Mwamwayi alamu anaimba kaye.

"Alamu, ayamba malungo tsopano. Tiwapatse LA?"

"Ayi alamu, musadikire chilichonse. Pezani galimoto panopa, mupite kuchipatala cha boma, osati chaching'ono chija. Mukafika mukanene mawu awa: ali ndi mwala wa mu impso ndipo thupi latentha. Mukayambe ndi mawu amenewo."

"Koma ululu ulibe mphamvu ngati tsiku lija."

"Ndikudziwa. Lero ndi koopsa kuposa tsiku lija."

Ndinkanena zoona. Tsiku la kugubuduka lija linali lowawa, koma ululu wa mwala pawokha supha munthu. Chimene chimapha ndi tizilombo tikalowa mu mkodzo umene watsekeredwa. Madzi oyenda amadzitsuka, madzi oima amaola. Mkodzo wodzazana kumbuyo kwa mwala ukagwidwa ndi tizilombo umasanduka mafinya, mafinyawo alibe kotulukira, ndipo chifukwa impso ndi chiwalo chodutsa magazi ochuluka, tizilomboto timakankhidwira m'magazi. Munthu amene m'mawa amayenda yekha amatha kukomoka usiku womwewo. Mankhwala opha tizilombo pawokha sakwanira, chifukwa safika bwino mu impso yotsekeka. Pamafunika kutsegula njira kuti mafinya atuluke, ndipo zimenezo zimachitika kuchipatala chachikulu chokha.

Tsono taonani mmene zizolowezi zathu ziwiri zimagwirizanirana kubisa matendawa. Magazi timati likodzo, kutentha thupi timati malungo. Munthu amamwa pulazikwantelo Lachitatu, LA Loweruka, ndipo amafika kuchipatala Lolemba atanyamulidwa. Chinanso chovuta n'chakuti m'dera la malungo ambiri ngati lathu, kachipangizo koyezera kaja kamatha kuonetsa kuti malungo alipo mwa munthu amene anadwala masabata apitawo, kapena amene ali ndi tizilombo tochepa tosamudwalitsa. Choncho ngakhale atapezeka ndi malungo, munthu amene masiku omwewo anali ndi ululu wa m'mbali wotsikira m'mphechepeche ndi magazi mu mkodzo asabwerere kunyumba impso yake isanaonedwe. Matenda awiri amatha kukhala m'thupi limodzi.

Atafika kuchipatala cha boma thupi linali pa 39.4, mtima ukugunda ka 120 pa mphindi, magazi akuthamanga motsika, 90 pa 60. Malungo sanapezeke. Dokotala atagogoda pang'ono ndi chibakera kumbuyo kumanzere, achimwene analumpha. Anawaika dilipi, anayamba mankhwala opha tizilombo olowera mumtsempha, anatenga magazi oyezera mmene impso zikugwirira ntchito. Sikani inaonetsa impso ya kumanzere yotupa, yodzaza ngati thumba la madzi. Mwala weniweniwo sanauone, ndipo zimenezo si zachilendo: sikani wamba imaona bwino impso ndi chikhodzodzo, koma pakati pa kapaipi pamabisika kuseri kwa matumbo. Kutupa kwa impso ndi kutentha kwa thupi zinali zokwanira. Usiku womwewo ambulansi inawoloka Shire n'kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, kumene odwala a ku Chikwawa ndi Nsanje amatumizidwa zikakula. Ine ndinakawachingamira komweko.

Kumeneko anawalowetsa kachubu kopyapyala kudzera njira ya mkodzo, kodutsa pambali pa mwala, nsonga imodzi mu impso ina m'chikhodzodzo. Njira ina imene madokotala amagwiritsa ntchito ndi kuboola pang'ono kumsana n'kuika chubu cholowa mu impso mwachindunji, mkodzo n'kumagwera m'thumba. Njira zonsezi cholinga chake si kuchotsa mwala ayi, koma kutsegula. Alamu zimenezi zinawavuta kumvetsa. Anandifunsa kuti, "Nanga alowa nawo kuchipinda cha opaleshoni n'kuusiya mwala momwemo bwanji?" Ndinawafotokozera kuti kulimbana ndi mwala pamene pali mafinya kumakankhira tizilombo tambiri m'magazi. Amayamba atsegula, thupi lizizire, mankhwala agwire ntchito, kenako mwala pambuyo. Patapita masiku awiri thupi linazizira, ndipo achimwene anapempha phala.

Mwalawo anauchotsa patadutsa masabata angapo, pamodzi ndi kachubu kaja. Kachubu kameneka sikayenera kuiwalika m'thupi. Kakakhalitsa miyezi yambiri kamamera miyala pakokha n'kukhala vuto loposa loyamba, ndiye amene waikidwa alembe tsiku lokachotsa pachikuto cha buku lake lachipatala ndipo asaliphonye, ngakhale akumva bwino chotani. Mwala wa achimwene unali wa mamilimita asanu ndi atatu, wofiirira, wa minga. Atauona anapukusa mutu, osakhulupirira kuti kanthu kochepa chonchi n'kamene kanatsala pang'ono kuwatenga.

Kutentha thupi ndi kunjenjemera ndicho chizindikiro chachikulu, koma si chokhacho chimene chiyenera kukunyamutsani nthawi yomweyo. Munthu akaona kuti mkodzo wasiyiratu kutuluka, kapena tsiku lonse watuluka wochepa kwambiri, ndiye kuti mwina impso zonse ziwiri zatsekeka, kapena ali ndi imodzi yokha yogwira ntchito ndipo ndiyo yatsekekayo. Pali anthu amene anabadwa ndi impso imodzi osadziwa, ndipo kwathu kuno palinso amene impso ina inawonongeka mwakachetechete ndi likodzo la paubwana, pakuti likodzo losachizidwa limasiya zipsera zopanikiza timapaipi tija. Amene akusanza chilichonse chimene wamwa sangadikire kunyumba, chifukwa thupi likuuma ndipo mankhwala sakukhala m'mimba. Chimodzimodzi amene ululu sukumva mankhwala, amene wayamba kusokonezeka mutu kapena kufooka mpaka kulephera kuima, wodwala shuga, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika. Amenewa tizilombo timawagwira msanga, ndipo nthawi zina thupi silitentha n'komwe.

Palinso matenda ena amene amavala malaya a mwala, ndipo amenewa ndi amene amandisowetsa tulo ndikakhala pantchito usiku. Mayi wa msinkhu wobereka amene wadumphitsa kumwezi, n'kumva ululu woopsa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, mwina ndi mimba yokhala m'njira ya mazira, ndipo ikaphulika amataya magazi mkati. Ameneyo ayezedwe mimba tsiku lomwelo. Mnyamata amene ululu wamuyamba mwadzidzidzi kumaliseche, mbali imodzi itatupa ndi kukwera m'mwamba, mwina ndi kupotokola kwa mtsempha wa tchende, ndipo pali maola pafupifupi asanu ndi limodzi okha kuti lipulumuke. Manyazi awononga ana ambiri pa vuto limeneli. Ndipo agogo opitirira zaka 60 amene sanadwalepo mwala, akangoyamba ululu wa msana wotsikira m'mphechepeche, thukuta lozizira ndi chizungulire, tisafulumire kunena kuti ndi mwala, chifukwa mtsempha waukulu wa magazi wa m'mimba ukamang'ambika umayamba chonchi. Mbali inayo, munthu wamkulu amene akukodza magazi popanda ululu uliwonse asakhutire ndi pulazikwantelo. Likodzo la zaka zambiri limatha kubala khansa ya chikhodzodzo, ndipo magazi osapweteka ndiwo amayamba kuonekera.

Achimwene atachira anandifunsa funso limene aliyense amafunsa: mwalawu unalowa bwanji? Iwo ankaganiza kuti ndi mchenga wa mu mpunga kapena timiyala ta mu nyemba. Ena pamudzi ananong'ona za anthu oipa. Mwala sulowa, umamera momwemo. Ndinawakumbutsa ketulo ya amayi, mmene pansi pake pamachitira zoyera zolimba madzi a pa mjigo akamaphwera tsiku ndi tsiku. Mkodzo umanyamula michere imene thupi likutaya. Madzi akakhala ambiri micherewo imasungunuka n'kutuluka. Madzi akachepa imayamba kugwirana, kanjere pa kanjere, mpaka mwala. Miyala yambiri imapangidwa ndi kashiamu wogwirana ndi mchere wina wotchedwa okizaleti, ina ndi asidi amene amachuluka mwa okonda nyama kwambiri, ina imabwera ndi matenda a m'njira ya mkodzo obwerezabwereza.

Tsono ganizirani tsiku la achimwene. Amadzuka 4 koloko kupita kudimba, kenako pa njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'dera limene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Malaya amanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma, mpaka kuchita mizere yoyera. Ndinawafunsa kuti amakodza kangati patsiku. Anaganiza n'kunena kuti kawiri, m'mawa ndi usiku, ndipo mkodzo wake umakhala ngati tiyi wopanda mkaka. Madzi onse amene ankamwa ankatuluka ngati thukuta, impso n'kutsala ndi zotsalira zokhazokha. Kuwonjezera apo, mjigo wa pafupi ndi kwathu madzi ake ndi amchere, monga ilili mijigo yambiri kuchigwa, ndiye munthu amangomwa pang'ono pothetsa ludzu. Anthu ena amaopa kuti madzi a pa mjigo ndiwo amabweretsa miyala, n'kumachepetsa kumwa. Kumeneko ndi kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje. Ngati pali mjigo wa madzi okoma, tungani kumeneko, koma choopsa chachikulu kwa impso ndi kusamwa.

Muyeso wake si makapu amene mwamwa, koma mkodzo umene mwatulutsa. Amene anadwalapo mwala amafunika kutulutsa malita awiri kapena awiri ndi theka a mkodzo patsiku. Kwa munthu wokhala pamthunzi zimenezo zimatheka ndi malita atatu a madzi, koma wa padzuwa la ku Nchalo kapena Bangula afunika ochulukirapo. Njira yosavuta ndi kuyang'ana mtundu: mkodzo uzikhala woyera ngati madzi a mandimu, ndipo muzipita kangapo masana, osati kawiri. Imwani musanagone, chifukwa usiku ndi pamene mkodzo umakhala wokhathamira kwambiri. Izi n'zopewera, osati zochizira pa nthawi ya ululu. Munthu akamagubuduka musamukakamize kumwa chigubu chonse poganiza kuti mukankha mwala. Mungowonjezera madzi kumbuyo kwa chotseka, ululu n'kukula ndi kusanza komwe. Azimwa pang'onopang'ono monga akuthera.

Pa zakudya ndinawauza zochepa, chifukwa malamulo akachuluka palibe limene limatsatidwa. Mchere ndiwo woyamba. Mchere wambiri umakoka kashiamu kulowa mu mkodzo, ndipo ife timauthira mu ndiwo, kuthiranso pambale, nsomba zouma zili kale ndi mchere wake. Alamu anachotsa kambale ka mchere pa mphasa yodyera. Nyama ya mbuzi yowotcha ya pamsika, imene achimwene ankadya pafupifupi tsiku lililonse akapeza ndalama, inakhala ya apo ndi apo, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zinachepa. Mandimu ndi abwino, chifukwa madzi ake ali ndi chinthu cholepheretsa tinjere tija kugwirana, koma saphwanya mwala umene watseka kale njira, ngakhale anthu amatero. Ndipo munthu asasiye mkaka, usipa kapena matemba poti wamva kuti mwala ndi kashiamu. Kashiamu wa m'chakudya amagwira okizaleti m'matumbo momwemo n'kutuluka naye kuchimbudzi, ndiye kumusala kumatha kuchulukitsa miyala m'malo moichepetsa.

Ndinawauzanso mosabisa kuti mwala umabwerera. Mwa anthu amene anadwalapo, pafupifupi theka amadwalanso zisanathe zaka khumi ngati sanasinthe kalikonse. Choncho tinakhala pansi atatu, ine, achimwene ndi alamu, n'kugwirizana zochita tsiku limene ululu uja udzabwerenso. Tinalemba pachikuto cha buku lawo lachipatala kuti anadwalapo mwala wotseka impso ya kumanzere, ndi mwezi wake. Alamu anagula kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndipo akudziwa kuti kakafika pa 38 pamodzi ndi ululu wa m'mbali, sakuimbiranso ine kaye, akuyamba kufuna galimoto. Anapatula ndalama ya ulendo imene sikhudzidwa ngakhale pa maliro. Izi tinaziganizira kwambiri chifukwa cha dzinja. Amene anaona mmene misewu inadukira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kapena amene amakhala kutsidya ngati ku Makhanga kumene madzi akasefukira ulendo ndi wa bwato, akudziwa kuti maola awiri a ulendo amatha kusanduka masiku awiri. Kwa anthu otere sikani ya pa tsiku loyamba la ululu, thupi lisanatenthe, ndi yofunika kuposa kwa wa mumzinda.

Mwezi watha ndinatsikira kumudzi. Ndinawapeza achimwene pa siteji, njinga itatsamira mtengo, kumbuyo kwa chishalo atamangirira chigubu cha malita asanu chokulungidwa m'chiguduli chonyowa kuti madzi asatenthe. Anati amachimaliza dzuwa lisanalowe, ndipo anzawo a kabaza ayamba kupempha nawo. Mmodzi wa iwo, mnyamata wa zaka za m'ma 20, anandikokera pambali n'kundiuza motsitsa mawu kuti sabata yatha anaona magazi mu mkodzo. Ndinamufunsa ngati anabwera pomaliza kapena anasakanikirana ndi mkodzo wonse, ngati pali pamene pakumuwawa, ndipo andilozere ndi dzanja. Anaika dzanja kumbuyo, pansi pa nthiti za kumanja, n'kulitsitsa pang'onopang'ono kutsogolo. Ndinamugwira pamphumi, sipanali potentha. Ndinamulembera kakalata, ndipo achimwene anamuuza kuti njinga yake aisunga iwo, akwere minibasi ya m'mawa.